Madesiki aja patha miyezi 9: pomwe kalata yathu inagwira ndi pomwe inaphonya

Ndine amene ndinalemba kalata ya komiti yathu ya sukulu yopita kwa wogulitsa mipando, yopempha makotesheni a madesiki 60 okhala ana awiriawiri, ochokera ku makampani atatu osiyana. Tinagula 30 a kampani imodzi ndi 30 a ina. Ana awakhalira miyezi 9 tsopano, ndipo ndi madesikiwo amene akundionetsa ngati kalata ija inalembedwa bwino.

Chomwe sindidandaula nacho ndi chiganizo chomwe ndinafunsa kuti kotesheni iliyonse itchule kukhuthala kwa chitsulo cha mapaipi a miyendo. Pachithunzi madesiki onse atatu ankaoneka ofanana. Mayankho atabwera, wina anali wa mamilimita 1.6, wina 1.2, ndipo wotsika mtengo kwambiri sanatchule n'komwe. Ameneyo tinamusiya. Lero a 1.6 ali nji, pomwe asanu mwa a 1.2 ayamba kugwedera, awiri ang'aluka pafupi ndi powotcherera pomwe mwendo umakumana ndi mpando. Ana amakoka desiki posesa, sanyamula, ndiye mphamvu yonse imathera pamenepo.

Pomwe ndinaphonya ndi pa thabwa lapamwamba. Ndinangolemba kuti "thabwa lolimba la mamilimita 18", osanena kuti lamtundu wanji. Kampani imodzi inabweretsa thabwa lenileni lomangidwa ndi mabawuti obowoleza, a nati pansi. Inayo inabweretsa thabwa la utuchi woumbidwa, lomatidwa pepala losalala pamwamba, logwiridwa ndi masikuluwu afupiafupi. Tsiku lolandira katundu, la utuchilo ndi lomwe linatisangalatsa tonse chifukwa linkawala. Chinyezi cha nthawi yamvula chitalowa m'mphepete momwe ana anamatula, linafufuma, masikuluwu n'kuyamba kuzungulira osagwira kanthu. Mungalidziwe musanagule: tembenuzani desiki, muyang'ane m'mphepete mwa thabwa kapena pa kabowo. Mukaona tizidutswa ta utuchi m'malo mwa mizere ya mtengo, ndi lomwelo.

Chinatipulumutsa ndi mawu ena omwe tinapempha kuti alembedwe pa kotesheni: chitsimikizo cha miyezi 12, ndi amene adzalipire ulendo wodzakonza. Wogulitsa anawotcherera miyendo iwiri ija osatilipiritsa. Matabwa 11 ofufumawo anawakana, ati madzi sali m'pangano, ndipo titawerenganso pepalalo tinapeza kuti akunena zoona. Zimenezo zinandiwawa, chifukwa ndalamazo makolo anazisonkha movutikira.

Tikulemba kalata ina ya madesiki 40. Ulendo uno ndatchula mtundu wa thabwa, mabawuti obowoleza ndi chitsulo cha 1.6, ndipo ndapempha desiki imodzi yachitsanzo pa kampani iliyonse kuti ikhale m'kalasi milungu iwiri komiti isanasankhe.