Patha miyezi 9 lenzi ija itachita chifunga ku Chisepo

"Achimwene, lenzi ya kamera yanu ija inachita chifunga mkati m'phiri muja, inachira? Yanganso yayamba, ndipo kupukuta sikukuthandiza."

Inachira mphwanga, ndipo ikujambulabe maukwati. Koma inandisiyira kachipsera, ndikuuza kumapetoku.

Unali mwezi wa Julayi, titagona ku Chisepo, nyumba yogona alendo m'phiri la Mulanje, kuti tikwere Sapitwa. Ndinadzuka mbandakucha n'kujambula panja pafupifupi ola lathunthu, zala zitauma gwaa. Nditabwerera m'nyumba ndinapeza moto uli lawilawi, ketulo ikuwira, masokosi onyowa ali payanikeyanike. Kamera sinathe mphindi, galasi lonse linali litayera mbuu. Apa ndiye ndinalakwitsa: ndinayamba kupotokola zumu, mkombero wokokera chithunzi pafupi, uku ndi uku kuti ndione ngati ikugwirabe ntchito. Lenzi yanga ndi 18-55mm, imene imatalika n'kufupika, ndipo ikamatero imakoka mpweya ngati pampu ya njinga. Nthunzi ya ketulo ndinaipopera ndekha mkati, inakagwera pa magalasi ozizira amene nsalu singawafike.

Botolo lochokera mu fuliji limatuluka thukuta ukaliika patebulo, ndipo lenzi imachitanso zomwezo. Vuto limabwera chinthu chozizira chikalowa mu mpweya wofunda wachinyezi. Ukachoka kotentha kupita kozizira, kawirikawiri sizivuta. Mu Januwale kuno, kukatentha madigiri 28 chinyezi chili 80 peresenti, chilichonse chozizira kuposera madigiri 24 chimagwira mame. Choncho sipafunika kukwera phiri ayi. Galimoto ya akwati yoziziritsidwa mkati ndi yokwanira: mutsike m'minda ya tiyi ku Thyolo, kamera yayera kale.

Chiyambire nthawi imeneyo ndimayenda ndi jumbo yokhuthala ya zipi. Kamera ndimaiikamo ndikadali kozizira, ndimafinya mpweya, n'kutseka. Ukakaiika utalowa kale kofunda, watsekera chinyezi momwemo. Mame amagwera kunja kwa jumbo, ine n'kudikira mphindi 30, lenzi yaikulu mpaka ola, kufikira nditaigwira osamvanso kuzizira. Miyezi yonseyi njirayi sinandikhumudwitsepo, kupatula tsiku limodzi ku Luchenza pamene mkwatibwi ankatsika ndipo ndinalibe nthawi yodikira. Pano kamera ndimaiika kumbuyo kwa galimoto kumene mphepo yozizira sifika, ngakhale oyendetsa mwambo amandiyang'ana ngati ndikuopa kuberedwa.

Yakoyo, poti chifunga chili kale mkati, usaichotse pa kamera muli m'chipinda chofunda, ndipo zumu uisiye. Ukafika pouma, vula zivundikiro zonse ziwiri, uiike m'bokosi la pulasitiki lotseka bwino pamodzi ndi silika jelo, tim'bulu touma tija timapezeka m'makatoni a nsapato zatsopano. Yanga inatenga masiku awiri. Usaiwotche pamoto, chifukwa girisi wa mkati akatenthedwa amayenderera pagalasi, ndipo chimenecho ndiye chifunga chosatha. Mpunga ndinauyesapo m'malo mwa silika, unangondisiyira fumbi.

Bokosi lija ndi limene ndalikonda kwambiri, koma lili ndi ntchito yake. Timapaketi ta m'nsapato timakhuta msanga, ndipo sudziwa kuti takhuta. Ndinagula silika wosintha mtundu, wa olenji amene amasanduka wobiriwira akamwa madzi, ndi kachipangizo koyezera chinyezi. Ndimafuna kazionetsa pakati pa 40 ndi 50 peresenti. Mu Okutobala silika ankatha mwezi wonse osasintha. Mvula itayamba, masabata awiri basi, chifukwa bokosi ndimalitsekula tsiku lililonse. Kumuumitsa kumafuna moto wochepa, madigiri pafupifupi 120. Woyamba ndinamukazinga pa mbaula ngati mtedza, anada bii, mtundu osabwereranso. Tsopano ndimadikira makala azilale, ndipo kapoto kake n'kapadera, sitiphikiramo.

Uone bwino kaye ngati chako n'chifunga chenicheni. Tsekula mbali zonse, uwalitse tochi ya foni chakumbuyo, uyang'ane chopendeketsa. Chifunga chimakhala chosalala ngati mpweya wa m'kamwa pa windo, ndipo chimachepa lenzi ikafunda. Ukaona timizere tonga ulusi wa kangaude, kawirikawiri toyambira m'mphepete, chimenecho ndi chuku. Chuku sichichoka ndi silika, bokosi limangochiletsa kukula. Chikakhalitsa chimadya utoto wopyapyala wa pagalasi, ndiye pamafunika mmisiri wodziwa kumasula malenzi.

Kachipsera kanga ndi kadontho kamodzi pamene madzi anaumira, pa galasi lachiwiri chakutsogolo. Pa zithunzi za masiku onse sikaoneka. Koma ndikajambula moyang'anizana ndi dzuwa la madzulo, mbali imeneyo imatuwa pang'ono, ndiye akwati ndimangowatembenuza kuti phiri likhale kumbuyo kwawo.