Mankhwala otsukira matoileti a chigubu cha malita 5: ndi abwino koma wogulitsa akanativulaza

Ndikupereka nyenyezi zitatu, ndipo ziwiri zachokazo ndi chifukwa cha mnyamata wa pa kauntala, osati mankhwalawo. Ine ndimayang'anira anthu okonza pa ofesi pathu, matoileti athu anachita zachikasu zouma zija za madzi a pa mjigo zosachoka ndi bulashi, ndiye ndinapita ku Limbe kukagula chigubu chija pa mtengo wokwera uja mukuudziwa. Mnyamatayo akundipatsa lisiti anati "madala, muzithira limodzi ndi jiki mu ndowa, ziyera mbee." Nditamupempha pepala la chitetezo la mankhwalawo, lija amati SDS, anandiyang'ana ngati ndapempha ngongole, akuti zimenezo amafunsa ndi makampani akuluakulu okha.

Mawa lake m'mawa ndikulowa mu sitolo mwathu, kachipinda kopanda windo, mashelefu mbali zonse, ndinapeza amayi amene amakolopa athira kale jiki mu ndowa, chigubu chatsopano chili pakati pa miyendo akulimbana ndi chitsekerero. Kulakwa kunali kwanga, ndine ndinawauza dzulo lake zomwe ananena mnyamata uja. Mtima unangokana, ndinati mayi tadikirani kaye, musatsegule. Pa chigubu panalibe chilichonse chothandiza, dzina basi ndi chithunzi cha toileti yowala. Ndinaimba ku shopu kuja mpaka ndinapeza a manijala, mayi aulemu kwabasi, mphindi khumi zisanathe ananditumizira pepalalo pa WhatsApp.

Pepalali limakhala ndi zigawo 16 ndipo lili m'Chingerezi chovuta, koma simufunika kuwerenga lonse muli chiimire. Ndinayamba ndaona ngati dzina la pa Section 1 likufanana ndi la pa chigubu, kuopa kuwerenga za mankhwala ena. Kenako Section 3 pomwe amalemba zomwe zili mkati, panalembedwa hydrochloric acid, ndiye kuti asidi weniweni. Apa thupi linayamba kuzizira. Ndinatsika mpaka Section 10, pamzere wa Incompatible materials, pomwe amatchula zinthu zosayenera kukumana ndi mankhwalawo, ndipo pamndandandapo panali hypochlorite. Nditatembenuza botolo la jiki lomwe linali pambali pa ndowa, kumbuyo kwake sodium hypochlorite. Zinthu ziwiri zomwe munthu wogulitsa anati tiziphatikize.

Zikakumana ziwirizi zimatulutsa mpweya wa kolorini. Ambirife kolorini timamudziwa wothira m'madzi nthawi ya kolera ndiye timaona ngati ndi wofatsa, koma wa mpweyayu ndi poizoni, amawotcha maso, kukhosi ndi mapapo, munthu amatsokomola osalekeza chifuwa n'kuthina, ndipo nthawi zina kubanika kwenikweni kumabwera patapita maola. Chinandiopsa kwambiri n'choti ndi wolemera kuposa mpweya wamba, amatsika pansi, ndiye taganizani amayi aja atawerama nkhope ili pamwamba pa ndowa, chitseko chotseka, ndipo masiki ya nsalu yomwe anavala sikanatchinga kalikonse. Ndinawawerengera ndikumasulira, anangokhala pa katoni phee, kenako anati "abwana, ine ndili ndi asima." Sindinkadziwa. Mpaka pano ndikakumbukira mawu amenewo ndimapsa mtima ndi mnyamata uja.

Tsiku lomwelo tinatsatira Section 7 ya kasungidwe, asidi tinamuika pa shelefu ya pansi kumanzere, jiki kumanja kutali, kuti china chikadontha zisakumane. Section 4 ya thandizo loyamba ndinaipulinta n'kumata kuchitseko: kumutulutsa munthu panja pa mphepo, mankhwala akagwera m'maso kutsuka ndi madzi oyenda mphindi zosachepera 15, kenako kuchipatala.

Kunena zoona mankhwalawo paokha amagwira ntchito. Tinavala magolovesi ndi magalasi, tinatsegula mawindo a kutoileti, kuthira, kudikira pang'ono, kukwecha, zachikasu za zaka zija zinachoka kawiri kokha. Kungoti muzitsukuluza ndi madzi ambiri musanabwere ndi jiki pamalo omwewo, chifukwa kuthira china pamwamba pa chinzake mu toileti ndi kuphatikiza komweko, makamaka mokodzera amuna momwe madzi amatsalira.

A manijala anaimbanso okha madzulo kupepesa, anati alankhula naye mnyamatayo ndipo aziika pepalalo pa oda iliyonse. Ndidzagulanso chigubuchi chikatha, koma ndidzaima pa kauntala pomwepo kumva zomwe akuuza makasitomala ena, akadzatchulanso jiki ndidzabwera kudzachotsa nyenyezi ina.