Sikelo, tepi yoyezera ndi mtengo wotumizira katundu: patapita miyezi

"Achimwene, njira yanu ija yoyeza katoni musanauze kasitomala mtengo wotumizira, mukuigwiritsabe ntchito? Ine mabulangete akundidyera phindu."

Ndikuigwiritsabe ntchito, achemwali, ndipo pa mabulangete m'pamene yandithandiza kwambiri. Sikelo ya m'manja ija ikadali bwino, ndangosinthamo mabatire. Koma chimene chasunga ndalama zanga kwenikweni ndi tepi ya atelala.

Makampani ambiri onyamula katundu saona kulemera kokha, amaonanso malo amene katoni yadya m'galimoto. Amachulukitsa mulitali, mulifupi ndi msinkhu m'masentimita, n'kugawa ndi nambala yawo. Ambiri amagawa ndi 5000, ena ndi nambala ina, choncho funsani pa kauntala. Akatero amayerekeza yankholo ndi la pa sikelo, n'kukulipiritsani lalikulupo.

Tengani katoni ya mabulangete ya masentimita 50, 40 ndi 30. Pa sikelo ikulemera makilo 4 okha. Kuchulukitsa kukupereka 60,000, ndipo kugawa ndi 5000 kukupereka makilo 12. Tinene kuti amalipiritsa dola imodzi pa kilo. Inu mwauza kasitomala wa ku Bulawayo madola 4, pa kauntala akufuna 12, ndiye kuti madola 8 atuluka m'thumba mwanu. Mukaona kuti makilo a pa lisiti aposa a pa sikelo yanu, dziwani kuti alipiritsa kukula kwa katoni. Mabulangete omwewo mukawapinda mothina, kuwamanga ndi chingwe, n'kuwalowetsa m'katoni ya 40, 30 ndi 30, hisabu ikubwera makilo 7.2. Ine ndimawerengera 8, chifukwa iwo amakweza, satsitsa. Pamenepo ndimawonjezera katoni, selotepi ndi kombi yondifikitsa kutauni, tinene madola 2, ndipo kasitomala ndimamuuza 10 asanalipire n'komwe.

Yezani mutatseka kale katoni. Ikafufuma pamwamba, iwo amayeza pofufumapo.

Pomwe njirayi siigwira bwino ndi pa mabasi a ku Mbare Musika ndi a ku Roadport, masiteji a mu Harare. Kondakitala sagwira tepi, amangoyang'ana chikwama, kuchinyamula pang'ono, n'kutchula mtengo. Kumeneko ndimadalira kabuku kamene ndimalembamo zomwe ndinalipira ulendo watha kupita kudera lililonse. Kabukuka kandionetsa kuti kutalika kwa msewu si kumene kumapweteka kwambiri. Bulawayo ili pa makilomita pafupifupi 440 kuchokera ku Harare, koma basi imodzi imafika. Mudzi wa kuseri kwa Mutoko uli pafupi, koma katundu amatsika n'kukwera galimoto ina, ndipo aliyense womugwira amafuna yake. N'chifukwa chake funso langa loyamba kwa kasitomala limakhala lakuti, "Mukalandira pa siteji, kapena akufikeni pakhomo?"

Mitengo ya m'kabukumo ndimailemba m'madola a ku America, ndipo wolipira ndi ZiG, ndalama ya ku Zimbabwe, ndimamuwerengera pa mtengo wa tsikulo. Katundu wopita ku Blantyre kudzera pa Nyamapanda ndi ku Tete sindimutchulira mtengo mpaka nditalankhula ndi a basi, komanso ndimanena poyera kuti msonkho wa pa Mwanza ukakhalapo ndi wa wogula.