Chisoso: kubwatitsa, kukazinga kapena kuphika pa nthunzi?

Ku Salima kuno chisoso ndi bonongwe sizisowa dzinja likafika, koma kaphikidwe kathu ndi kamene kamatibera mavitamini. Vitamini C ndi ena a gulu la B amasungunuka m'madzi, ndipo C amaonongekanso ndi moto.

Mukabwatitsa masamba m'madzi ambiri, mavitamini aja amatsikira m'madzimo. Madzi obiriwira amene timakhuthulira kuseri kwa khitchini pofuna kuchotsa kuwawa kwa chisoso amapita nawo. Choipa kwambiri ndi soda kapena chidulo: masamba amafewa msanga, inde, koma vitamini C ndi B1 amatha. Ine ndimathira madzi osapitirira theka la kapu, ayambe awira, kenako masamba, n'kuvundikira mphindi 5 mpaka 7. Madzi otsalawo ndimathiramo nsinjiro kapena kuthira mu nyemba. Oyenera kutayidwa ndi madzi a chigwada okha, chifukwa masamba a chinangwa ali ndi poizoni wofunika kuphika mokwanira.

Kukazinga kuli ndi ubwino wake. Mafuta pang'ono amathandiza thupi kuyamwa vitamini A wa m'masamba obiriwira, bola musapsereze mpaka kuda.

Nthunzi ndiyo imasunga vitamini C wambiri, poti masamba sakhudza madzi. Ikani sefa yachitsulo pamwamba pa mphika wowira, vundikirani. Vuto lake, chisoso chimakhalabe chowawa, ana amakana. Bonongwe ndi nkhwani wanthete ndiye zimakoma motere. Zikayamba kutuwa, dziwani kuti mwapitiriza.