Miyezi isanu ndi itatu ndikumasulira makalata a Agogo m'Chiperezi

Ndimasamalira agogo ena ochokera ku Iran kuno ku Britain, ndipo Chingelezi amachimva pang'ono. Makalata a kuchipatala ndi mapepala a mankhwala ndimawajambula ndi foni, pulogalamu n'kumasulira. Sabata yoyamba ndinkasankha Chiarabu, poti nyuzipepala yawo inkaoneka ngati zilembo zimene ndinaphunzira ku madrasa ku Mangochi. Agogo ankatchula mawuwo bwinobwino koma tanthauzo osaligwira. Tsiku lina anandiuza modekha kuti, “Mwana wanga, ichi si chinenero changa.” Ndinachita manyazi, n'kusintha kupita ku Persian, ndiye kuti Chiperezi, chimene iwo amachitcha فارسی.

Tsopano ndikangoyang'ana ndimadziwa ngati ndasankha cholondola. Chiarabu chili ndi zilembo 28, Chiperezi 32. Zinayi zowonjezerazo ndi پ چ ژ گ, za mawu a p, ch, zh ndi g. Tiyi amene Aarabu amalemba شاي, Agogo amalemba چای. Chilembo chomaliza cha mawuwa chili ndi timadontho tiwiri pansi m'Chiarabu, m'Chiperezi chilibe. Ndikaona mawu ambiri akuyamba ndi ال ndimadziwa kuti ndabwerera ku Chiarabu mosazindikira. Ziganizo za Chiperezi nthawi zambiri zimathera ndi است.

Mawu ndi amene anandidabwitsa kwambiri. Chiperezi chinabwereka zambiri ku Chiarabu, moti buku ndi کتاب konsekonse, koma mawu a m'nyumba ndi ake. Madzi ndi آب osati ماء, mankhwala ndi دارو, chipatala ndi بیمارستان pamene Chiarabu chimati مستشفى. Mnansi wathu wa ku Afghanistan amawerenga zomasulirazi mosavuta, ngakhale kwawo chipatala amati شفاخانه.

Kalata ina inkati akaonane ndi dokotala Lolemba pa 6 Meyi. Lolemba linatuluka bwino, دوشنبه, ndipo nambala inakhala ۶. M'Chiarabu 6 amalembedwa ٦, amene m'maso mwanga amafanana ndi 7, ndiye ndinaonetsetsa kawiri. Manambala 4 ndi 5 nawonso amasiyana: ۴ ndi ۵ kwa Agogo, ٤ ndi ٥ kwa Aarabu. Vuto linali mwezi. Pulogalamu inangolemba dzina la Meyi m'zilembo zawo, pamene Agogo amawerengabe masiku ndi kalendala ya ku Iran, imene chaka chake chimayamba cha pa 21 Malichi. Anandifunsa kuti tsikulo ndi liti kwawo. Pa 6 Meyi pamagwera mkati mwa mwezi wawo wachiwiri, اردیبهشت, ndipo tsiku lenileni ndinalipeza pa kalendala yawo ya pakhoma.

Pa makalata osindikizidwa pulogalamuyi ndimaidalira, bola pepala ndiliwongole ndipo pakhale kuwala. Zolemba pamanja imazisokoneza, komanso zomata zopindika pa botolo imadumpha mizere. Kuchuluka kwa mapiritsi sindikuisiyira: ndimawerenga ndekha pa botolo, ndipo ndikakayika ndimaimbira mwana wawo kapena wa ku famase.