Moni wokha, pempho la ntchito, kapena funso limodzi: mzere woyamba pa LinkedIn

Anzanga amene tinaphunzira nawo za akaunti akhala akundifunsa kuti ndinalemba chiyani kuti mayi wina wamkulu kubanki andiyankhe pomwe sitidziwana. Ndinayesa mizere itatu kwa anthu osiyanasiyana, ndipo iwiri inandigwetsa ulesi.

Woyamba ndi uja wa "Muli bwanji bwana?" basi, kenako n'kumadikira. Umenewu ndili nawo mangawa, chifukwa ndi womwe ndinkaudalira. Tinaleredwa kuti munthu wamkulu sumuyamba ndi nkhani usanamulonjere, ndipo pakhomo pa munthu ndi mmene ziyenera kukhalira. Koma pakhomo mwini nyumba amakuona nkhope, amaona ndi chomwe wanyamula. Pafoni amangoona dzina lachilendo ndi timawu toyambirira. Sadziwa ngati ukufuna malangizo, ngongole, kapena ukutsatsa inshuwalansi, ndiye amati ndiyankha mawa.

Bambo wina anandiyankhadi patatha masabata awiri kuti "Ndili bwino." Ine mwaulemu wanga ndinabwezera kuti "Zikomo, kaya kunyumba?" Nkhani inafera pomwepo, funso langa lisanatuluke n'komwe. Chowawa china n'chakuti pa akaunti yaulere ya LinkedIn, kauthenga koperekeza pempho lolumikizana kamalola zilembo 200 zokha, ndiponso sungatumize toterowo tambirimbiri pamwezi. Ine ndinatithera pa malonje.

Wachiwiri ndi "Ndikufuna ntchito iliyonse, chonde ndithandizeni." Palibe anayankha ngakhale mmodzi, ndipo sindiwada. Wamusenzetsa munthu katundu amene sangathe kumutula ndi uthenga umodzi.

Wachitatu ukutchula oditi, ntchito younika mabuku a ndalama, ndi ICAM, bungwe la akatswiri a za akaunti m'Malawi. Ndi uwu, womwe ndinalembera mayi aja:

"Moni mayi. Ndaona kuti munachoka ku oditi n'kulowa kubanki. Ndili ndi dipuloma ya ICAM, chaka chachiwiri ku oditi. Kodi munayamba mwamaliza mayeso onse musanasamuke?"

Moni alipobe, koma watenga mawu awiri okha. Chiganizo chachiwiri chikuwauza kuti mbiri yawo ndaiwerenga, sindinangowatola pamndandanda. Ndipo funsolo likukhudza njira imene iwo anadutsa, osati kuti andisankhire tsogolo, choncho angathe kuyankha ali pamzere wogula mafuta. Anayankha madzulo omwewo, ndipo anawonjezera okha zomwe sindinafunse, za mmene anakambirana malipiro posamukapo.

Vuto lake ndi nthawi. Mzerewu sukoperedwa, munthu aliyense amafuna wakewake, ndipo umafunika kukhala pansi n'kuwerenga komwe anagwirako ntchito. Tsiku lina ndinachita phuma n'kutchula kampani imene bambo wina sanagwireko. Anangolemba kuti "Mwina mwasokoneza munthu." Komabe pa itatuyi, ndi wokhawu umene ndimautumizabe, pa Chichewa kapena pa Chingerezi, malinga ndi chilankhulo chimene mwiniwakeyo amalembera patsamba lake.