Miyezi 8 ndikusinthanitsa mafayilo a DWG ndi DXF, nazi zomwe ndakumana nazo

Ena mukukumbukira kuti nditagula kalaputopu kanga kakaunjika ndinasiya kubwereka kompyuta ya achimwene, ndikuyamba kujambula mapulani a nyumba ndi mageti pa LibreCAD, ndipo mafayilo a DWG omwe amanditumizira a saveya ndimawadutsitsa mu ODA File Converter kuti akhale DXF, mtundu wa fayilo womwe LibreCAD imagwiritsa ntchito. Zonsezi ndi zaulere. Tsopano yakwana miyezi 8 ndikugwiritsa ntchito pafupifupi sabata iliyonse kuno ku Zomba, ndiye ndati ndinene mmene zayendera, poti nthawi ija ndinachiyamikira ndisanachidziwe bwino.

Kachida kosinthirako kokha palibe chodandaula. Umasankha foda yolowa, foda yotuluka, kenako veshoni, ine ndimaika 2010 ASCII DXF ndi kuchonga Audit, basi mafayilo onse a mufodamo asinthika ngakhale popanda bando. Koma chomwe ndinachedwa kumvetsa ndi chakuti iko kamangosintha chotengera, zomwe zili mkati kamazisiya mmene zilili, ndipo manambala a mu fayilo ya CAD alibe muyeso. Mzere wa 30 ndi 30 basi, kaya mamita kaya mamilimita kaya mainchi, zimenezo amadziwa ndi amene wajambulayo.

Ndinaziwonera pa puloti ina ya ku Matawale, mamita 30 mulitali 20 mulifupi. A saveya anajambula mu mamita monga amachitira onse, ine nyumba ndimajambula mu mamilimita, ya 12000 ndi 9000. Nditalowetsa puloti mu pulani yanga sindinaione nkomwe, ndinangoti fayilo yabwera yopanda kanthu mpaka ndinawaimbira bambowo kuti atumizenso, iwo akuti zonse zilimo. Zinalimodi. Puloti yonse inali kadontho ka mamilimita 30, komanso kanali kutali kwambiri ndi nyumba yanga chifukwa a saveya amajambula pa makodineti enieni a UTM zoni 36, ndipo kuno kwathu manambalawo amakhala cha mma 749000 ndi 8298000, pomwe ine ndinayambira pa 0,0. Ukapanga zumu yoonetsa zonse umangoona timadontho tiwiri kumakona a sikirini.

Ubwino wa DXF ndi woti ndi malemba wamba, umatha kuitsegula mu Notepad ndi kusaka. Ndinasaka `$INSUNITS` ndipo ndinapeza izi:

```
  9
$INSUNITS
 70
     4
```

Nambala yomalizayo ndi imene imanena muyeso. 0 ndiye kuti sanatchule, 1 ndi mainchi, 4 mamilimita, 6 mamita. Ndiye fayiloyo imadzitcha ya mamilimita chonsecho anajambula mu mamita, chabe kuti anayambira pa tempuleti yomwe inali kale ndi 4 ndipo sanasinthe, poti kwa iwo sizisokoneza kanthu. Tsiku lina inabwera ina yokhala ndi 1, ameneyo ndiye woopsa kwambiri, chifukwa a injiniya ataiika ndi `INSERT` mu AutoCAD yawo ya mamilimita pulogalamu inakhulupirira kuti ndi mainchi ndi kuchulukitsa ndi 25.4, mbali ya 30 inatuluka 762. Panopa ndikangoyeza mbali yomwe ndikuidziwa ndimadziwiratu vuto, ikasiyana ka 1000 ndi nkhani ya mamita ndi mamilimita, ikasiyana ka 25.4 ndi mainchi.

Kukonza kwake ndimayamba ndi kulemba pa pepala makodineti a bikoni imodzi, kenako ndimasuntha puloti yonse kuti bikoniyo ikhale pa 0,0, ndiye ndikuchulukitsa ka 1000. Musayambe ndi kuchulukitsa, mungakhale ndi manambala a mabiliyoni ndipo kujambula kumayamba kuchita zachilendo. Pobweza kwa a saveya ndi chimodzimodzi koma chobwerera, 0.001 kenako bikoni ibwerere pamalo pake.

Nkhani ya mizere yokhota ndi imene inandidyera ndalama. Mayi ena a ku Chinamwali anafuna geti yokhala ndi maluwa odula pa chitsulo, ine ndinajambula masamba ndi SPLINE poti ndi yosavuta ndipo imakhota mokongola. Odula ndi makina a pulazima ku Blantyre anati titumizireni DXF ya veshoni R12, makina athu amawerenga imeneyo, ine ndinangosintha ndi kutumiza osatsegulanso kuti ndione. Chitsulo chitabwera pa minibasi masamba onse anali ndi makona, ukayendetsa chala mmphepete ukumva ngati wina wasenda chinangwa ndi mpeni. Mlandu unali wanga. R12 ndi yakale, mulibe SPLINE kapena ELLIPSE, zimenezi zinadzabwera mu R13, ndiye posintha pulogalamu imakakamizika kuduladula mzere wokhotawo kukhala timizere towongoka. Nditatsegula ndi kuyeza, pomwe tsamba limakhota ndi rediyasi ya mamilimita pafupifupi 300 timizereto tinali ta mamilimita 59 kalikonse, ndipo pakati pa kamzere ndi pomwe pamayenera kudutsa mzere weniweni pamasiyana 1.4. Zikumveka zochepa koma pa geti yopentedwa yakuda dzuwa likawomba aliyense amaona.

Ndinayesa kuchulukitsa timizereto, ta mamilimita 21 kusiyana kumatsika kufika 0.2 ndipo diso silionanso, koma ukapitirira ndi kutifupikitsa kwambiri odulawo amadandaula kuti makina akumanjenjemera ndi kuchedwa pa kamzere kalikonse, chitsulo ndikumapsa mmphepete. Chomwe chinathetsa nkhani ndi kujambulanso masamba ndi ma ARC olumikizana bwino, ndikungotsata pamwamba pa sipulayini yakale ija. ARC ndi CIRCLE zilimo mu R12 ndipo zimadutsa osasintha, tsamba lomwe linali ndi timizere tambirimbiri linangofuna ma ARC 8. Ingoonetsetsani kuti mapeto ake akumanadi, kampata kakang'ono kosaoneka ndi maso kamapangitsa makina kuona ngati mzerewo sunatsekeke.

Za maleya sindinavutike nazo kwambiri koma zilipo. R12 yomweyo salola dzina la leya lopitirira zilembo 31 kapena lokhala ndi mipata, ndiye maina aatali amabwera atasinthika, panopa ndimangolemba MAKOMA, ZITSEKO, MALIRE basi. China ndi mabuloko, chinthu chojambulidwa pa leya 0 mkati mwa buloko chimatengera leya yomwe bulokoyo yaikidwapo, ndiye wina akaliphwasula ndi `EXPLODE` mawindo onse amathawira ku 0 ndi kusintha mtundu, nkumaoneka ngati maleya asowa. Komanso kawiri konse ndalandira pulani yopanda malire a puloti chifukwa malirewo anali mu fayilo ina yolumikizidwa ngati XREF ndipo anaiwala kuitumiza, apa chosinthira chilichonse sichingakuthandize, umangoimba foni kuti apange Bind kaye.

Ndipitiriza nazo zida ziwirizi, ndalama ya laisensi ndilibe ndipo pa mapulani a nyumba zogona zikukwanira. Zomwe ndimajambula ndimasunga pawiri, yanga yokhala ndi masipulayini ndi ina ya odula, ndipo pakona ya fayilo iliyonse yotuluka ndimaikapo kabokosi ka 100 ndi 100 kolembedwa kuti ndi mamilimita, wolandirayo ayeze kaye asanayatse makina. Geti ya mayi aja tinadulanso kachiwiri, chitsulo ndinagula ndi ndalama yanga, choyamba chija chili kuseli kwa nyumba ndatchingira khola la nkhuku.